Akakutumizirani chithunzi cha chikwangwani cha pamsewu: mmene mungachimasulire

Pabanja pakakhala munthu mmodzi amene wayendetsa galimoto nthawi yaitali, kapena amene amamva Chingerezi ndi Chipwitikizi pang'ono, ndiye amasanduka wofunsidwa. Mphwanu wangotenga kumene laisensi, mlamu wanu wakwera kabaza wolowera ku Ulongwe wa ku Mozambique, ndipo foni ikulira: chithunzi cha chikwangwani, pansi pake funso loti "Achimwene, ichi chikuti chiyani?" Kuno ku Dedza ndi ku Ntcheu funso limeneli silisowa, chifukwa msewu wa M1 kuchokera ku Dedza kudutsa pa Lizulu mpaka pa Biriwiri umayenda m'mphepete mwa malire, moti munthu akangodumpha msewu wayamba kale kukumana ndi zolemba za chilankhulo china.

Ambiri akalandira chithunzi chotere amathamangira mawu. Mawu ndi omalizira. Chikwangwani chimayamba kulankhula ndi kaumbidwe kake, kenako mtundu wake, ndipo wofunsayo sakufuna kudziwa tanthauzo la liwu koma choti achite ndi phazi lake komanso chiwongolero. Tiyeni tizitsate mwa ndondomeko yake.

Choyamba, funsani za chithunzicho musanayankhe

Musanamasulire kalikonse, bwezani mafunso awiri: wajambulira pati, ndipo amalowera kuti? Chikwangwani chosonyeza mtsetse ndi chosonyeza chitunda zimafanana kwambiri pa chithunzi chaching'ono, koma munthu akakuuzani kuti wangokhota pa Masasa kulowera ku Golomoti, mwadziwa kale kuti kutsogolo kwake kuli kutsika kwa Khwekhwerere.

Kenako onani ngati chithunzicho sichinatembenuke. Mafoni ambiri akajambula ndi kamera yakutsogolo, ija yodzijambulira, amatembenuza kumanja kukhala kumanzere. Muvi wolozera kumanja umaoneka ngati ukulozera kumanzere, ndipo inu mungathe kumuuza munthu kuti akhotere kumene kuli phompho. Pozindikira pake mposavuta: yang'anani chilembo kapena nambala iliyonse imene ili pa chithunzipo, kaya ndi ya pagolosale kapena pa nambala ya galimoto. Ikawerengeka chobwerera, chithunzi chonse n'chotembenuka. Ngati palibe cholembedwa, onani mbali imene galimoto zikuyenda. Ku Malawi ndi ku Mozambique konse timayenda kumanzere, ndipo chikwangwani chokhudza inu nthawi zambiri chimaima kudzanja lamanzere.

Chithunzi chikhale ndi mtengo wonse wa chikwangwani, osati mutu wokha. Anthu amakonda kukulitsa pamene pali chojambula chokopa maso n'kudula kachikwangwani kakang'ono ka pansi, pamene kameneko ndiko kamanena mtunda, nthawi kapena mtundu wa galimoto umene lamulolo likukhudza. Ngati manambala akuoneka osakanizika, muuzeni atumizenso pa WhatsApp ngati Document, chifukwa njira yanthawi zonse imafinya chithunzi mpaka kadontho ka pakati pa manambala kamasowa. Ndipo wojambula akhale wokwera, kapena dalaivala ataima bwinobwino pambali. Pa chipata cha m'malire ndi pa rodibuloko ya apolisi asamangotulutsa foni n'kuyamba kujambula. Kumeneko kuli bwino kufunsa ndi pakamwa.

Chachiwiri, werengani kaumbidwe ndi mtundu

Malawi ndi Mozambique onse ali m'bungwe la SADC, ndipo kaumbidwe ka zikwangwani kamatanthauza chimodzimodzi mbali zonse za malire. Apa mpomwe ntchito yambiri imathera.

Cha makona atatu, nsonga ili m'mwamba, m'mphepete mofiira, ndi chenjezo. Chikunena za chinthu chimene chili kutsogolo: pokhota, ana asukulu, ng'ombe, mahampu, mlatho wopapatiza. Sichikuletsa kanthu, chikungokuuzani kuti mukonzeke. Chiganizo chanu chomasulira chiyambe ndi "Kutsogoloku kuli..." Koma makona atatu omwewo akazondoka, nsonga n'kuloza pansi, nkhani yasintha: limenelo ndi lamulo loti mupereke mpata kwa amene ali mumsewu umene mukufuna kulowamo. Simukakamizidwa kuima ngati msewu uli woyera. N'chifukwa chake chimasiyana ndi cha makona asanu ndi atatu cholembedwa STOP, chimene chimafuna kuti matayala aime ndithu, ngakhale pakati pa usiku popanda ndi galu yemwe. Ziwiri zimenezi anazipatsa kaumbidwe kakekake mwadala, kuti zizizindikirika ngakhale utoto utatha kapena mukuziona chakumbuyo.

Chozungulira ndi lamulo, ndipo pano mpamene anthu amasokonezeka kwambiri. Chozungulira chokhala ndi mkombero wofiira chimaletsa kapena kuika malire. Chozungulira chabuluu chonse chimalamula choti muchite. Tengani nambala imodzi, 60. Ikakhala mkati mwa mkombero wofiira, musapitirire makilomita 60 pa ola. Ikakhala yoyera pa chozungulira chabuluu, musatsike kuchepera 60. Nambala ndi yomweyo, koma malamulowo ndi otsutsana, ndipo munthu amene wakuwerengerani pa foni kuti "palembedwa 60" sanakuuzeni kanthu. Muvi woyera pa buluu ukuti pitani uku basi. Muvi wodulidwa ndi mzere wofiira ukuti kuno ayi.

Za makona anayi kawirikawiri n'zodziwitsa: mayina a malo, mitunda, chipatala, pothira mafuta.

Pali mtundu wina umene umasintha zonse. Mkati mwa chikwangwani mukakhala mwachikasu m'malo mwa moyera, chimenecho n'chakanthawi, chaikidwa chifukwa cha ntchito yokonza msewu, mlatho wokokoloka kapena ngozi. Chakanthawi sikuti n'chopepuka ayi. Lamulo lake ndi lamphamvu mofanana ndi lokhazikika, ndipo likunena za mmene msewu ulili lero, osati mmene dalaivala ankaudziwira chaka chatha. Pomasulira nenani poyera kuti "ichi n'chakanthawi, kutsogolo kwasintha."

Vuto ndi lakuti chithunzi chimanama pa mitundu. Zikwangwani zimapangidwa kuti zizibweza kuwala, ndiye munthu akajambula usiku ndi tochi ya foni kapena nyali za galimoto, chachikasu chimatuwa n'kuoneka choyera. Dzuwa nalo limayamba kudya utoto wofiira. Chikwangwani chakale chimatha kutsala ndi chithunzi chakuda cha galimoto ziwiri pamene mkombero ndi mzere wodula zafwifwa mpaka kutsala pang'ono kusowa, ndipo woyendetsa watsopano angaganize kuti akumulola kupitirira mnzake pamene akumuletsa. Mukaona chozungulira choyera chokhala ngati chilibe mkombero, kulitsani chithunzi muone m'mphepete. Nthawi zambiri mupeza kachizirezire kofiirira. M'miyezi ya Juni ndi Julayi, pamene nkhungu imakuta msewu cha ku Bembeke ndi pa Dedza, zithunzi zambiri zimabwera zotuwa chotere. Zikatero dalirani kaumbidwe.

Chachitatu, kachikwangwani ka pansi

Tiyerekeze kuti mwana wa mlongo wanu wanyamula mbatata ya kachewere pa Lizulu pa kalole kakang'ono, akupita nayo kunyanja kudzera ku Golomoti. Aka n'koyamba kuti atsike phirilo ali yekha pa chiwongolero. Mnzake amene wakhala naye kutsogolo wakutumizirani chithunzi: makona atatu, m'mphepete mofiira, mkati moyera, muli galimoto yoloza mphuno pansi pa chotsetsereka. Pansi pake pali timatabwa tiwiri, kena kolembedwa 10% ndipo kena For 5 km. Chapatali pakuoneka china chachikulu cholembedwa ENGAGE LOW GEAR. Funso lake ndi lalifupi: "Malume, apa ndipange bwanji?"

Kaumbidwe kakuuzani kale kuti ndi chenjezo lokhazikika la mtsetse. Tsopano 10% ija. Ena amaiwerenga ngati liwiro, ena ngati madigiri a kupendekera, ena amangoiona ngati nambala yaing'ono yosaopsa. Tanthauzo lake ndi lakuti pa mamita 100 alionse amene mwayenda, msewu watsika mamita 10. Pa makilomita 5, ngati kutsikako kuli kofanana njira yonse, galimoto yatsika mamita 500. Kwa lole yodzaza matumba, uko n'kutsika kwakukulu. Zikwangwani zina zimalemba zomwezo ngati 1:10, kutanthauza mita imodzi pa mamita 10 alionse. M'kalembedwe kameneka nambala yachiwiri ikamachepa, phiri likukula: 1:8 ndi woopsa kuposa 1:20. Dalaivala watsopano amaganiza mosemphanitsa.

For 5 km ikunena utali wa vutolo: kutsikako kupitirira kwa makilomita 5. Pakanangolembedwa 500 m popanda liwu lina, bwenzi tikunena kuti vutolo liyamba mukayenda mamita 500 kuchokera pano. Kusiyana kwa "liyamba liti" ndi "litha liti" kumagona pa kaliwu kamodzi, ndipo n'kamene kamadulidwa pa zithunzi zambiri. Pansi pa chenjezo pakakhala liwiro, monga 30 km/h pa kathabwa ka makona anayi, limenelo ndi liwiro limene akukulangizani pa malo ovutawo. Malire a lamulo amakhala mu mkombero wofiira.

Mawu a ENGAGE LOW GEAR mukawamasulira liwu ndi liwu mupeza "lowetsani giya yotsika," ndipo mwanayo angakufunseni kuti yotsika ndiye iti, kapena angamve ngati mukunena giya yotsikira phiri mofewa, n'kuika galimoto pa fuli. Chimenecho ndiye chimapha anthu. Chimene akunena ndi giya ya nambala yaing'ono, yoyamba kapena yachiwiri, kuti injini iziigwira galimoto. Mabuleki amaimitsa galimoto posandutsa liwiro kukhala kutentha. Mukawapondereza osalekeza pa mtsetse wautali amatentha mpaka amasiya kugwira, ndipo mafuta a mabuleki akawira, chopondera chimafewa n'kumangolowa pansi. Zizindikiro zake ndi fungo la kupserera, utsi kumatayala, ndi phazi kumafuna mphamvu zambiri kuti galimoto imve.

Yankho lanu lisakhale kalasi yonseyi. Munthu ali pamsewu, akufuna ziganizo zochepa zoyamba ndi chochita. Mungalembe motere:

"Mphwanga, kutsogoloko kuli mtsetse waukulu wa makilomita 5. Ima pamwamba pomwepo usanayambe kutsika, ona ngati katundu wamangika, ika giya yachiwiri. Ngati ikuthamangabe, yoyamba. Usaike pa fuli, usapondereze kilatchi, usazimitse injini. Mabuleki uzingoponda n'kusiya. Ukamva fungo lopserera, pezera poima mabuleki asanathe, udikire azizire."

Ngati ali pa galimoto ya otomatiki, ngati zambiri zimene timagula zochokera ku Japan, musamuuze za giya yachiwiri ngati kuti ali ndi kilatchi. Muuzeni achotse pa D aike pa 2 kapena L. Zina zimalemba S kapena B. Mufunseni zimene zalembedwa pa galimoto yakeyo. Taonani kuti mu yankho lija 10% sinatchulidwe n'komwe. Ntchito yake inali yokuuzani inu womasulira kukula kwa vuto, ndipo mwailowetsa mu liwu loti "waukulu." Mudzamufotokozera za maperesenti akafika.

Chithunzi chikachokera tsidya la malire

Amene amadutsa pa chipata cha Dedza kulowa ku Calomue, kupita ku Ulongwe kapena ku Tete, amapeza kaumbidwe kodziwika koma mawu a Chipwitikizi. Ndondomeko ndi yomweyi, ndipo mawu ofunika kuwaloweza si ambiri. PERIGO ndi ngozi, kapena kuti malo oopsa. ATENÇÃO ndi "chenjerani." DEVAGAR ndi "pang'onopang'ono," ndipo REDUZA A VELOCIDADE ndi "chepetsani liwiro." PROIBIDO ndi "n'koletsedwa," ndipo chimene chaletsedwacho chimabwera pambuyo pake: PROIBIDO ESTACIONAR akuletsa kuimika galimoto, PROIBIDO ULTRAPASSAR akuletsa kupitirira inzake. OBRAS ndi ntchito yokonza, DESVIO ndi njira yolambalala, PONTE ndi mlatho, ALFÂNDEGA ndi a kasitomu, PORTAGEM ndi polipira msewu monga timachitira pa Chingeni ndi pa Kalinyeke.

Tiyerekeze chithunzi china. Mlamu wanu wapita pa lole kukapikula kabichi, ndipo wakumana ndi thabwa lachikasu lolembedwa DESVIO A 300 m, pansi pake muvi ndi liwu loti PESADOS. Pambali pali chozungulira cha mkombero wofiira cholembedwa 3,5 t. Chikasu chija chakuuzani kuti n'zakanthawi. Kachilembo A patsogolo pa 300 m kakutanthauza kuti polambalalapo pali pa mtunda wa mamita 300 kuchokera pano, osati njira yolambalalayo ndi yaitali mamita 300. PESADOS ndi galimoto zolemera, ndipo zing'onozing'ono amazitcha LIGEIROS. Choncho njira yolambalala ndi ya malole.

Msampha uli pa 3,5 t. Apwitikizi amalemba kamchira pamene ife timaika kadontho, choncho amenewa ndi matani atatu ndi theka. Pa chithunzi chosaoneka bwino kamchirako kamasowa n'kuwerengeka 35, ndipo mungamuuze munthu wa lole ya matani asanu ndi awiri kuti adutse pa mlatho umene sungamunyamule. Mukaona manambala awiri atatalikirana pang'ono kuposa mwa nthawi zonse, kayikirani. Zomwezi zimachitika ndi kutalika: 4,2 m ndi mamita anayi ndi kachidutswa. Timivi tiwiri tikakhala pamwamba ndi pansi pa nambala, akunena kutalika kwa galimoto ndi katundu wake. Tikakhala m'mbali, akunena kukula kwake m'mimba.

Pa nkhani ya kulemera onaninso ngati pansi pa nambala pajambulidwa chitsulo chokhala ndi matayala uku ndi uku. Chikakhalapo, malirewo ndi a kulemera kumene kwagwera pa ekiselo imodzi, osati galimoto yonse. Chikapanda kukhalapo, ndi galimoto yonse pamodzi ndi katundu. Madalaivala ambiri amati "yanga ndi ya matani atatu" ponena za katundu amene imanyamula, kuiwala kuti galimotoyo payokha ili ndi kulemera kwake. Lole yonyamula matani atatu ikadzaza imapitirira 3,5 t kutali. Yankho kwa mlamu wanu likhale loti, "Alamu, pa mamita 300 mukhote motsata muviwo, njira yowongoka ndi ya galimoto zing'onozing'ono zokha."

Liwu lina loyenera kusamala nalo ndi EXCEPTO, lomwe ndi "kupatula." Limatembenuza lamulo lonse kwa amene atchulidwa pambuyo pake, ndipo nthawi zambiri limakhala pa kathabwa ka pansi kaja. PARAGEM payokha kawirikawiri ndi poimira basi, koma PARAGEM OBRIGATÓRIA ndi lamulo loti muime. Ndipo munthu akadzakutumizirani thabwa lofiira lokhala ndi chigaza ndi mafupa opingasa, lolembedwa PERIGO MINAS, musaganize za migodi ya malasha ya ku Moatize ngakhale liwulo limatanthauzanso migodi. Pamodzi ndi chigaza, akunena mabomba okwirira pansi otsala pa nkhondo. Dziko la Mozambique linalengeza mu 2015 kuti lamaliza kuchotsa mabomba m'malo onse odziwika, koma thabwa lotere silotsutsana nalo: muuzeni abwerere m'mapazi ake momwe anadzera.

Mawu akakukanikani, kumbukirani kuti anthu a ku Angonia, boma la tsidya la malire kumene kuli Ulongwe, amalankhula Chichewa chomwechi. Wofunsayo akhoza kutsika n'kufunsa mayi wogulitsa tomato pafupi ndi chikwangwanicho, ndipo amuuza zoposa zolembedwazo, monga ngati njira yolambalalayo ikudutsika mvula ikagwa.

Zizindikiro za pa mathanki

Mtundu wina wa zithunzi umene umabwera kawirikawiri ndi wa kumbuyo kwa mathanki amene amadzaza M1. Izi si zikwangwani za msewu, koma zimawerengedwa mofananamo: kaumbidwe, mtundu, kenako nambala. Chizindikiro chake chimakhala cha makona anayi choimikidwa pa nsonga. Chofiira chokhala ndi lawi la moto ndi nambala 3 pansi ndi zamadzimadzi zoyaka msanga. Choyera chokhala ndi chigaza ndi poizoni. Choyera pamwamba, chakuda pansi, chosonyeza madontho akugwera pa dzanja ndi pa chitsulo, ndi mankhwala owotcha khungu monga asidi. Nambala ya manambala anayi yolembedwa pa thankiyo imatchula katundu weniweniyo, ndipo ndi yofanana dziko lonse lapansi: 1203 ndi petulo, 1202 ndi dizilo, 1223 ndi palafini, 1075 ndi gasi wophikira.

Chithunzi chotere chikabwera thanki ili pa matayala ake, yankho ndi losavuta: siyani mpata waukulu, musaime pafupi nayo muli ndi fodya woyaka kapena mbaula. Chikabwera thanki itagwa, musayambe ndi kumasulira. Ngati manambala akuwerengeka bwino pa chithunzi cha foni, wojambulayo ali pafupi kwambiri. Muimbireni, osati kulemba, achoke apite kutali kumbali imene mphepo ikuchokera, komanso kumtunda, chifukwa mpweya wa petulo ndi wolemera kuposa mpweya wamba ndipo umatsetsereka m'ngalande kutsata kumene kwatsika. Mu Novembala 2016 pa Caphiridzange m'chigawo cha Tete, thanki ya mafuta inaphulika anthu atazungulira kudzatunga, ndipo anafa anthu opitirira 70. Akafika patali, awerengere apolisi nambala ya manambala anayi ija, chifukwa ndi imene imawauza ozimitsa moto chimene akukakumana nacho.

Chithunzi chikakhala chosamasulirika

Zikwangwani zambiri m'misewu yathu n'zopindika, zina anazidula anthu ofuna malata, zina anamatapo mapepala a misonkhano. Mukalandira chotere, nenani gawo limene mwaliona ndi mphamvu zake zokha. Ngati mukuona makona atatu koma chojambula cha mkati chaphimbika, yankho loona ndi "ndi chenjezo, chepetsa liwiro mpaka uone chimene chili kutsogolo." Ngati ndi mkombero wofiira wokhala ndi nambala yosaoneka bwino pakati pa 60 ndi 80, muuzeni atenge 60. Ngati ndi malire a kulemera pa mlatho ndipo nambala siikuwerengeka, lole yodzaza isawoloke mpaka atafunsa apolisi apamsewu kapena anthu ogwira ntchito pamalopo.